Uthenga wa maliro watalika: tidule pati osawachotsera ulemu amayi?

"Amayi anatisiya Lachiwiri usiku ndipo tikuika Lachisanu. Amalume alemba uthenga woti ukaulutsidwe pa wailesi, koma kumeneko andiuza kuti watalika, usapitirire mawu 60. Amalume akuti kudula mawu awo n'kuwachepsa malemu. Ine ndasowa pogwira. Uthengawo ndi uwu, mayina ndabisa:

'Ife a banja la a Uje a ku Mtendere muno mu Lusaka, ndi chisoni chachikulu ndiponso mitima yosweka, tikufuna kudziwitsa abale onse, abwenzi onse, a mpingo ndi onse owadziwa kuti mayi wathu wokondedwa, gogo wathu, mlongo wathu, Mayi Uje, atisiya Lachiwiri usiku kuchipatala atadwala nthawi yaitali matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Malemuwa anali mayi wachikondi, wopemphera ndi wolandira alendo. Asiya ana asanu ndi mmodzi, omwe ndi Uje, Uje, Uje, Uje, Uje ndi Uje, komanso zidzukulu zambiri. Maliro ali kunyumba. Mwambo woika maliro udzachitika Lachisanu ku Leopards Hill pambuyo pa mapemphero kutchalitchi. Uthengawu upite kwa a Uje ku Katete, a Uje ku Chipata, a Uje ku Kitwe ndi a Uje ku Lilongwe. Aliyense womva uthengawu auze mnzake. Mzimu wawo uuse mumtendere.'"

Mwana wamkazi wa malemu, ku Mtendere

Pepani kwambiri ndi zovutazi, mayi. Pa za uthengawu mtima ukhale m'malo, chifukwa mawu 60 amakwana kulengeza maliro a munthu wamkulu ndi ulemu wake wonse. Ndakhala mlembi wa mpingo zaka zambiri, ndipo maliro akagwa pepala la uthenga kawirikawiri limafikira m'manja mwanga. Ndikumvetsa chimene amalume anu akuopa. Sakufuna kuti mlongo wawo alengezedwe ngati munthu wopanda mwini, ndipo mantha amenewo ndi oyenera kuwalemekeza. A wailesi nawonso sakukuzunzani, ali ndi mauthenga a mabanja ena amene ayenera kulowa m'nthawi yomweyo.

Tiyambe ndi munthu amene adzamve uthengawu. Mwina ndi mnzawo wa amayi wa kumudzi ku Katete, ali pamoto akuphika, wailesi ili pawindo. Adzaumva kamodzi kokha, ndipo sangathe kubweza kuti amvenso. Mumtima mwake muli mafunso ochepa: wamwalira ndani, maliro ali kuti, akuika liti ndipo kuti. Tsono taonani pepala la amalume. Dzina la amayi likumveka patadutsa kale mawu oposa 30. Ndipo ngakhale uthengawo uli ndi mawu oposa 100, sukunena kuti nyumbayo ili mbali iti ya Mtendere, tchalitchi chake ndi chiti, mapemphero ayamba nthawi yanji, kapena kuti Lachisanu lake ndi la pa deti iti. Palibenso munthu woti n'kumufunsa. Choncho ntchito yanu si kudula kokha ayi. Pali zoti zichoke kuti zina zofunika, zimene sizinalembedwe, zipeze malo.

Ulemu wa m'chinenero chathu sukhala m'kuchuluka kwa mawu. Umakhala m'malo ochepa, ndipo malo amenewo satenga mpata. Oyamba ndi mmene mukuwatchulira. Amalume alemba kuti "mayi wathu wokondedwa, gogo wathu, mlongo wathu", maudindo atatu, onse ngati akunena za munthu wa msinkhu wawo. Kwa iwo n'zomveka, ndi mlongo wawo. Koma pamaso pa dziko, "Amayi Uje" ndi mawu awiri okha amene akuwakweza kuposa mzere wonsewo. Mukayamba ndi "Amayi", musunge ulemu umenewo mpaka kumapeto: anatisiya, kwawo, tidzawagoneka. Podula mwachangu anthu amagwa pamenepa. Amayamba ndi "Amayi", kenaka pakati n'kulemba "thupi lake" kapena "adzaikidwa m'manda ake". Kamawu kamodzi kotero kamapweteka khutu la munthu wamkulu kuposa kusowa kwa ndime yonse yotamanda.

Malo achiwiri ndi mfunda. Pa uthenga wa amalume mulibe, koma ine ndingauike ngakhale malo atachepa bwanji. Azimayi ambiri a msinkhu wa amayi anu, kumudzi sadziwika ndi dzina la pa chiphaso kapena la amuna awo. Amadziwika kuti aNabanda, aNaphiri, aNangozo, kapena amake Uje. Mukatchula mfunda ndi mudzi wa kwawo, mwachita zinthu ziwiri ndi mawu ochepa. Mwawalemekeza monga mwa kwathu, ndipo mwathandiza womva kuzindikira kuti ndi iwo ndithu. Mu Lusaka muno a Phiri, a Banda ndi a Tembo ndi ambirimbiri, moti dzina lokha limachititsa kuti anthu alire maliro a munthu wamoyo.

Malo achitatu ndi mawu onenera imfayo. "Amwalira" ndi "atisiya" onse ndi aulemu ndipo ndi omveka. "Wafa" sitimunenera munthu. Koma palinso ngozi ya mbali inayo, yofewetsa mpaka uthenga kusokonekera. "Atsogola" kapena "apita kukapuma" amakoma pakamwa pa mlaliki, pamene aliyense akuliona bokosi. Pa wailesi yolira mophokosera, kapena pa uthenga wa pafoni umene munthu akuwerenga ali m'basi, amatha kufunsa kuti atsogola kupita kuti. Sankhani mawu amodzi omveka, ndipo "maliro" abwere msanga m'chiganizo chotsatira kuti pasakhale chikaiko. Onaninso nthawi yake. "Atisiya" amayenera tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Ngati uthenga ukuulutsidwa Lachinayi, lembani kuti "anatisiya Lachiwiri".

Tsopano zoti zichoke. "Chisoni chachikulu ndiponso mitima yosweka" ndi chinthu chimodzi chonenedwa kawiri, ndipo "mwachisoni" akunyamula zonsezo. "Tikufuna kudziwitsa" akhale "likudziwitsa". Abale onse, abwenzi onse, a mpingo ndi onse owadziwa akhale "abale ndi abwenzi", poti a mpingo amva kale kudzera kwa akulu a mpingo ndi amayi a chigwirizano. "Aliyense womva auze mnzake" ndi mawu ozolowereka, koma anthu amauzana ngakhale osapemphedwa. Izi n'zosavuta, sizidzakanganitsa aliyense.

Matenda ndingawachotse onse, ndipo pano si chifukwa cha malo okha. Amayi anu ali moyo, kodi akanalola kuti dziko lonse limve pa wailesi zimene ankadwala? Ambiri sakanalola. Pali vuto linanso. Banja likazolowera kutchula matenda, tsiku lina kudzagwa maliro amene simudzafuna kunena chimene chachitika, ndipo kukhala chete kwanu kudzayambitsa manong'onong'o. Ngati amalume akufuna kuti anthu adziwe kuti sinali ngozi, "atadwala" okha ndi okwanira. Ofuna kudziwa zambiri adzamva pa siwa, atakhala pansi ndi anamfedwa, ndipo kumeneko ndi kumene nkhani yotere imayenera kukambidwira.

Pa mayina ndiye ndikufuna tikhalitse pang'ono, chifukwa mikangano yambiri imene ndaiona inabadwira pamenepa. Pepala la amalume lili ndi mayina a ana asanu ndi mmodzi ndiponso a abale anayi. Munthu akauzidwa kuti afupikitse, chimene chimabwera msanga m'mutu ndi kusiya mayina awiri kapena atatu, a woyamba kubadwa ndi a amene akulipira bokosi, ena n'kuwalowetsa mu "ndi ena". Musachite zimenezo, mayi. Amene walowa mu "ndi ena" amamva kuti wachotsedwa pa ubale pamaso pa anthu, ndipo nkhani yake imadzatuluka pogawa zovala za malemu kapena pomanga chiliza, patapita miyezi. Ndinaonapo mwana amene analeredwa ndi malemu kuyambira ali wakhanda, mwana wa mng'ono wawo, atasiyidwa pa mndandanda wa ana chifukwa wolemba anawerenga obadwa m'mimba okha. Anagwira ntchito zonse za pamaliro osanena kanthu, koma atachoka kumanda sanapondenso pakhomopo kwa nthawi yaitali. Lamulo langa ndi loti atchulidwe onse kapena asatchulidwe ndi mmodzi yemwe. Pa mawu 60 onse sangakwane, choncho "banja la a Uje" liwaimirire onse mofanana.

Mzere wa "uthengawu upite kwa a Uje ku Katete" unali ndi ntchito yaikulu kale, pamene wailesi inali njira yokhayo yofikira mbale wa kutali, ndipo womva ankakwera njinga kukauza mwini uthenga. Masiku ano anthu anayi amenewo ayenera kuimbiridwa foni ndi munthu wa m'banja uthenga usanaulutsidwe. Mchemwali wa malemu kapena mwana wawo asamve imfa pa wailesi kapena pa gulu la pafoni. Chimodzimodzi amfumu a kumudzi kwawo, ayenera kutumiziridwa munthu kapena kuimbiridwa ndi amalume eniake. Mukatero, mzerewo watha ntchito. Ngati alipo mbale mmodzi amene foni yake sikupezeka, amene ali kudera kovuta netiweki, ameneyo yekha ndiye muike dzina lake ndi mudzi wake, chifukwa apo wailesi ikugwira ntchito imene foni yalephera.

Mawu otamanda aja, oti anali mayi wachikondi, wopemphera ndi wolandira alendo, ndi oona ndipo ndi amene amalume akuwawa nawo mtima kwambiri. Musawataye. Asamutsireni ku mbiri ya malemu imene imawerengedwa kutchalitchi, kapena pa pepala la dongosolo la mwambo ngati musindikiza. Kumeneko kuli malo a mayina a ana onse, zidzukulu, chaka chimene anabadwa, chimene anabwera ku Lusaka, ndi maudindo awo mumpingo. Anthu amakhala atakhala pansi, akumvetsera, ndipo mawu amenewo amafika pamtima kuposa akawerengedwa mothamanga pakati pa mauthenga a mabanja ena.

Zikachoka zimenezi, malo apezeka. Ndalemba motere, ndipo pamene sindikudziwa, monga mfunda, mudzi, madeti ndi tchalitchi, ndangoyerekeza kuti muone kaimidwe kake:

"Banja la a Uje ku Mtendere likudziwitsa mwachisoni abale ndi abwenzi kuti Amayi Uje, aNabanda, a m'mudzi mwa Uje ku Katete, anatisiya Lachiwiri pa 11 Marichi. Maliro ali kunyumba kwawo pafupi ndi msika wa Mtendere. Mapemphero ndi Lachisanu pa 14 Marichi, 9 koloko m'mawa, kutchalitchi cha Uje. Tidzawagoneka kumanda akale a Leopards Hill. Funsani a Uje, nambala yakuti. Ause mumtendere."

Amenewa ndi mawu 60. Dzina la amayi lafika msanga, ndipo womva akudziwa kopita ndi nthawi yake. Ndasankha "tidzawagoneka" m'malo mwa "mwambo woika maliro udzachitika" chifukwa ndi liwu limodzi, lofatsa, ndipo likumveka kuti akulankhula ndi eni ake a munthuyo. Ndasunga mawu otsiriza a amalume mwachidule, poti uthenga wa maliro wothera pa nambala ya foni umamveka ngati malonda. Ngati a wailesi akulolani mawu awiri kapena atatu owonjezera, bwezerani "Mzimu wawo uuse mumtendere" wathunthu monga analembera.

Pa za manda samalani kwambiri. Kungoti "ku Leopards Hill" sikokwanira, chifukwa mumsewu umenewo muli manda akale a khonsolo ndiponso Leopards Hill Memorial Park, ndipo ndi malo osiyana. Ndaonapo anthu ochokera kutali ataima pachipata china akudikira, pamene bokosi likutsitsidwa kwina. Ngati mukupita ku Memorial Park, nenani dzina lonselo. Mawu awiri amenewo musawaumire, dulani kwina. Chimodzimodzi ndi nthawi. Muno tinazolowera kulemba 09:00 kapena 14:00, koma pa uthenga wowerengedwa m'Chichewa lembani "9 koloko m'mawa" kapena "2 koloko masana", kuti wowerenga asachite kumasulira yekha ali pa wailesi, ndiponso kuti agogo a kumudzi amve bwino. "Mawa", "dzulo" ndi "mkuja" asapezeke paliponse. Uthenga umabwerezedwa tsiku lotsatira, wa pafoni umayenda masiku angapo, ndipo mawa la Lachinayi si mawa la Lachisanu. Tsiku ndi deti ziyendere limodzi.

Musanatchule Lachisanu pa wailesi, funsani amene akuyendetsa mapepala ngati chilolezo choika maliro chochokera ku khonsolo chatuluka, ngati malo a manda atsimikizika, ndiponso ngati abusa avomera nthawiyo. Kusintha tsiku mutalengeza kale n'kowawa, chifukwa a ku Katete ndi ku Chipata amakhala atagula kale matikiti a basi, ndipo ulendo wa mu Great East Road umadya pafupifupi tsiku lonse. Ngati china sichinatsimikizike, tumizani uthenga wonena za imfa ndi kumene kuli maliro, muthere ndi mawu oti "za kuika tidzakudziwitsani". Uthenga wachiwiri udzakhala waufupi kwambiri.

Nambala ya foni ikhale imodzi, ya munthu amene adzayankhadi, osati ya inu anamfedwa amene mwakhala m'nyumba ndi azimayi. Nambala zathu zili ndi manambala 10, ndipo powerenga zimatenga nthawi, choncho funsani a wailesi ngati amaiwerengera ngati liwu limodzi. Kwa abale a ku Lilongwe, pa uthenga wa pafoni yambani ndi +260 m'malo mwa 0 woyamba kuti athe kuimba. Za chipepeso ine sindiziika mu uthenga wolengeza imfa. Mawu akachepa, pempho la ndalama limaoneka lalikulu kuposa dzina la malemu. Lipite pa uthenga wina, wa pagulu la banja kapena la mpingo, ndipo mutchule dzina limene lidzaoneke potumiza ndalamazo, chifukwa alipo anthu opanda chisoni amene amakopera uthenga wa maliro n'kusintha nambala.

Mudzafunanso wina waufupi kwambiri wotumiza pa mafoni ang'onoang'ono a kumudzi. Uthenga umodzi wa SMS umanyamula zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe. Uwu ukukwana, ngakhale mayina enieni akhoza kuutalikitsa pang'ono:

"Amayi Uje, aNabanda, a ku Mtendere anatisiya Lachiwiri. Mapemphero Lachisanu 14 Marichi, 9 koloko, kutchalitchi cha Uje. Tidzawagoneka ku Old Leopards Hill."

Ngakhale pamenepa "Amayi" ndi mfunda zatsala. Ukapitirira zilembo 160, ulekeni upite ngati mauthenga awiri. Musayambe kudula mawu pakati kapena kulemba zidule za achinyamata pa dzina la munthu wamkulu.

Kwatsala kukambirana ndi amalume, ndipo mbali imeneyi ndi yofunika ngati kulemba komwe. Mwa mwambo wathu wa Chichewa iwo ndi mwini mbumba, ndipo pa maliro a mlongo wawo mawu awo ndi olemera. Musapite kwa iwo ndi pepala lawo lokhwatchidwakhwatchidwa ndi cholembera. Lembani mapepala awiri oyera, lina la wailesi, lina la mbiri ya malemu lokhala ndi mawu awo onse. Apezeni pambali, osati pakati pa azibambo pamoto, ndipo ngati n'kotheka mupite ndi munthu wamkulu wina, kaya azakhali kapena mkulu wa mpingo. Mukhoza kunena kuti, "Amalume, mawu anu onse alipo, palibe chatayika. Awa ndi oti anthu adziwe kobwera, awa ndi oti muwerenge inuyo kutchalitchi anthu ali chete." Kenaka afunseni zinthu zimene iwo okha akudziwa bwino: mfunda, dzina la mudzi, mfumu ya dera lawo, ndi dzina limene amayi ankadziwika nalo ali mtsikana. Akaikapo dzanja lawo pa mzere umenewo, uthengawo ukhalanso wawo. Ndipo akaumirira kuti liwu lina libwerere, monga "wokondedwa", lolani, muchotse "pafupi ndi msika" n'kuika chizindikiro chachifupi cha malo. Liwu limodzi si loti mukanganirane pa siwa.

Akavomera, werengani uthengawo mokweza kwa munthu amene sanauone, makamaka wachikulire, ndipo mumufunse kuti wamwalira ndani, apite kuti, tsiku liti ndi nthawi yanji. Akakayika pa chimodzi, vuto lili pa pepala. Mukamva kuti mpweya ukukutherani pakati pa chiganizo, chiduleni pawiri, chifukwa wowerenga pa wailesi adzapunthwa pomwepo. Mayina a anthu ndi a midzi alembeni ndi zilembo zazikulu zooneka bwino, ndipo pokapereka muwatchule pakamwa kuti wolandira amve katchulidwe kake. Mu Lusaka muno wowerengayo akhoza kukhala woti Chichewa cha kumudzi si chake.

Pali maliro ena amene sindingakulangizeni kufupikitsa uthenga wake nokha, ndipo ndikunena izi chifukwa ena owerenga ali m'zovuta zosiyana ndi zanu. Ngati malemu anali ndi mabanja awiri, kapena pali ana a kwina, mawu oti "banja la a Uje" okha akhoza kuyambitsa mlandu, choncho ankhoswe a mbali zonse aone pepalalo lisanatuluke. Ngati imfa ili m'manja mwa apolisi, kaya ndi ngozi kapena thupi likuyembekezera kupimidwa, musatchule chimene chachitika kapena tsiku loika mpaka akuuzeni kuti thupi latulutsidwa. Ngati malemu anali mfumu kapena a banja lachifumu, kulengeza si kwa ana, kuli ndi eni ake ndi dongosolo lake, ndipo muyenera kudikira akuluakulu a kumudzi. Ngati anali m'busa, mkulu wa mpingo kapena shehe, funsani a chipembedzo chawo mmene udindowo umatchulidwira, ndipo udindo umenewo usachotsedwe pofupikitsa. Kwa abale athu achisilamu, amene amaika msanga, nthawi ndi malo a manda zibwere pambuyo penipeni pa dzina.

Za inu, mayi, zikuoneka kuti palibe chovuta chotere. Imbirani abale anayi aja lero, mutsimikize dzina la manda ndi nthawi ya abusa, kenaka mukhale pansi ndi amalume madzulo ano kuti uthengawo ukafike ku wailesi m'mawa, a ku Katete apeze nthawi yokwera basi.